Malisiti awiri, makilo ofanana: thumba la soya lasowera mu khodi

wa_ku_Santhe
Akuluakulu, ndithandizeni mutu waima. Ndinalemba kapulogalamu ka Java kothandiza amalume anga amene amagula soya ndi mtedza kwa alimi kuno ku Santhe. Ntchito yake ndi yochepa. Mlimi akafika, kalaliki amatsegula lisiti latsopano, amalemba dzina, kenako amalowetsa kulemera kwa thumba lililonse likatsika pa sikelo, pomaliza pulogalamu imaphatikiza makilo n'kusindikiza. Chaka chatha chonse inayenda bwinobwino ndi sikelo imodzi. Chaka chino alimi achuluka ndiye taonjezera sikelo yachiwiri, koma laputopu ndi imodzi yomweyo. Kalaliki amatsegula mawindo awiri, lina la sikelo ya kumanja lina la ya kumanzere, anyamata oyeza akamakuwa makilo iye amalowetsa uku ndi uku.

Lachiwiri madzulo tikuwerenga matumba m'nyumba yosungira, tapeza kuti talipira makilo 50 amene kulibe. Nditafufuza ndapeza malisiti awiri a alimi awiri osiyana, onse alembedwa makilo 148. Mayina ali bwinobwino, makilo ndi amene afanana. M'kope la mnyamata woyeza, bambo woyamba anali ndi matumba atatu a 50, 48 ndi 51, mayi wachiwiri anali ndi awiri a 47 ndi 50. Ndiye 148 wachokera kuti? Amalume akuti mnyamatayo ndi wakuba ndipo akufuna kumuchotsa ntchito Loweruka. Ine mtima ukundiuza kuti wakuba ndi khodi yangayi.

Kadziotche265
Sikelo imeneyo mwaiyesa ndi mwala wodziwika kulemera? Masikelo ena amanama okha akakhala padzuwa.

wa_ku_Santhe
Sikelo ilibe mlandu, aise. Manambala a m'kope ndi olondola, asokonekera pa lisiti.

Mai_Seva
Tionetseni kalasi ya lisitiyo, achimwene. Makamaka pamwamba pomwe mwalemba zosungira zake, ndi konsitirakita.

wa_ku_Santhe
Nayi, ndachotsa zosindikiza.

```java
class Lisiti {
    String mlimi;
    static List<Double> matumba = new ArrayList<>();

    Lisiti(String dzina) {
        mlimi = dzina;
        matumba.clear();
    }
}
```

Netiweki_Mkanda
Ndaona mawu akuti `static` pamenepo. Ife kuno ku Mchinji zinatichitikira ndi pirintala, makompyuta awiri anapatsidwa adilesi imodzi yosasintha ndiye zosindikiza zimasochera. Lowani mu rauta muchotse zimenezo, muisiye izigawa yokha maadilesi.

Kadziotche265
Madala, munthuyu ali ndi laputopu imodzi ndipo rauta alibe. Imeneyo ndi `static` ina, mwalowa maliro a eni ake.

Netiweki_Mkanda
Pepani, ndawerenga mothamanga. Ndikhala chete ndiphunzire nawo.

Mai_Seva
Mnyamata uja musamuchotse ntchito. Wakuba ali pa mzere wachitatu wa khodi yanuyo.

Taganizani za pa mjigo. Mayi aliyense amabwera ndi ndowa yake, koma mjigo ndi umodzi wa mudzi wonse. Chosungira chimene mwalemba popanda `static`, ngati `mlimi`, chili ngati ndowa: nthawi iliyonse mukalemba `new Lisiti(...)` pamabadwa china chatsopano, cha lisiti limenelo lokha. N'chifukwa chake mayina sanasokonekere. Koma mukaika `static`, chinthucho si cha lisiti lililonse, ndi cha kalasi `Lisiti` yeniyeniyo. Chimapangidwa kamodzi, pamene pulogalamu yayamba kugwiritsa ntchito kalasiyo, ndipo chimakhala chomwecho mpaka mutseke pulogalamu. Kaya mutsegule malisiti awiri kaya 200, mndandanda wa matumba ndi umodzi womwewo.

Tsopano tiyeni titsate za Lachiwirizo. Bambo aja anayamba, matumba awo awiri analowa, mndandanda unali ndi 50 ndi 48. Thumba lawo lachitatu lisanakwere pa sikelo, kalaliki anatsegula lisiti la mayi aja pa windo linalo. Konsitirakita inaitana `clear()`, ndipo popeza mndandanda ndi umodzi, 50 ndi 48 za bambo aja zinafufutika pomwepo. Kenako panalowa 47 ya mayi, 51 ya bambo, 50 ya mayi. Phatikizani nokha: 47 ndi 51 ndi 50 ndi 148. Malisiti onse awiri anawerenga mndandanda womwewo, ndiye onse anasindikiza 148.

Bambo aja amayenera kulipidwa makilo 149, anataya kilo imodzi yokha, n'chifukwa chake sanadandaule. Mayi aja amayenera kulipidwa 97 koma analandira za 148, kupyola ndi makilo 51. Mukachotsa kilo imodzi ija pa 51 mupeza 50 yomwe amalume anu akuifuna.

wa_ku_Santhe
Mayo ine. Zikugwirizana ndendende. Ndangotenga kope lija n'kutsatira mmene mwanenera, ndi 148 ndithu.

Chigayo_Dev
Ili ndi vuto la mathiredi basi. Mawindo awiri akulimbirana chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ikani `synchronized` pa ntchito yoonjezera thumba, kapena musinthe mndandandawo ukhale `Collections.synchronizedList`, zitha.

Mai_Seva
Ayi achimwene, apa mankhwalawo sagwira. Mawindo a pulogalamu yawoyi ngati ndi a Swing, mabatani onse amayendetsedwa ndi thiredi imodzi, dinani uku dinani uko zimachitika motsatizana, osati nthawi imodzi. Kalaliki ndi mmodzi, dzanja lodina ndi limodzi. `synchronized` imangoonetsetsa kuti anthu awiri asathire m'ndowa nthawi imodzi, koma ndowayo ikhalabe imodzi. Matumba a bambo ndi a mayi adzasakanikirana mwaulemu, mmodzi akudikira mnzake.

Chigayo_Dev
Chabwino, pa Swing ndavomera. Koma ikanakhala pa seva ndikanakhala ndikunena zoona.

Mai_Seva
Pa seva mukanakhala ndi mavuto awiri m'malo mwa limodzi, ndipo inu mukanachiza lachiwiri lokha.

wa_ku_Santhe
Ndi Swing yomweyo, ndinapangira mu NetBeans.

Mphunzitsi_wa_Fomu4
Funso langa ndi lakuti `static` ameneyo anafikapo bwanji? Chifukwa ana anga a sukulu ndimawaona akuchita zomwezi, ndipo nthawi zonse nkhani imayamba mofanana.

wa_ku_Santhe
Aphunzitsi, mwandigwira. Pamene ndimayamba ndimayesera zonse mu `main`. Nditalemba `matumba.add(50.0)` mmenemo kompayila inakana:

```
non-static variable matumba cannot be referenced from a static context
```

Ndinaika `static` kutsogolo kwa `matumba`, mzere wofiira unachoka, ndinasangalala. Patapita masiku ndinaona kuti lisiti la mlimi wachiwiri likubwera ndi makilo a woyamba omwe, ndiye ndinaika `clear()` mu konsitirakita. Zinatheka, ndipo chaka chonse sizinavutenso.

Mphunzitsi_wa_Fomu4
Ndimadziwa. Uthenga umenewo anthu amaumva chagada. Kompayila sikunena kuti chinthucho chikhale `static`. Ikufunsa kuti: matumba a lisiti liti? `main` ndi ya kalasi, imayamba kuyenda pasanabadwe lisiti ngakhale limodzi, ndiye ukatchula `matumba` mmenemo uli ngati munthu wofika pa msika n'kunena kuti ndipatseni thumba la mlimi, osatchula mlimi wake. Yankho linali kupanga lisiti kaye:

```java
Lisiti a = new Lisiti("Woyamba");
a.matumba.add(50.0);
```

Ndipo tsiku lomwe munaona makilo a munthu wina akulowa pa lisiti latsopano, limenelo ndiye linali belu. Lisiti longobadwa kumene siliyenera kusesedwa. Ukaona kuti chinthu chatsopano chikufuna `clear()` kuti chikhale chopanda kanthu, dziwa kuti si chatsopano.

Kadziotche265
Koma nanunso amalume anuwo, makilo 50 okha mpaka kuchotsa munthu ntchito? Mavenda ena amatibera oposa pamenepo pa sikelo tsiku lililonse ife osalankhula.

Nachisale_KU
Musayambe za mavenda, tikhala pano mpaka mawa. Mayi anga ku Chamama amayamba ayeza matumba awo kunyumba asanapite nawo kokagulitsa, amalemba ndi makala pa thumba. Mlimi wotero pulogalamu yanuyi ikanamulakwira ndi kilo imodzi akanakuimitsani pomwepo.

Kadziotche265
Nanga mayi amene analandira za makilo 148 atabweretsa matumba awiri okha, iwo sanaone?

Nachisale_KU
Ndalama ikachuluka m'manja maso amachita chidima, aise.

Bwana_Final
Tibwerere ku khodi. Ine lamulo langa ndi losavuta: `static` aliyense azikhala ndi `final`. Mukanalemba `static final List<Double> matumba` sizikanachitika, chifukwa chinthu cha `final` sichisintha.

Mai_Seva
Yesani muone, bwana. Khodi yawoyi mukaiika `final` idutsa pa kompayila popanda dandaulo, ndipo 148 atulukanso. `final` amangoletsa kuti dzina lakuti `matumba` lilozedwe ku mndandanda wina. Simungalembenso `matumba = new ArrayList<>()`, basi. Koma `add` ndi `clear` sizisintha kumene dzinalo likuloza, zimasintha zam'kati. Zili ngati kukhomera nkhokwe pansi kuti isasunthe: chimanga chimalowabe ndi kutuluka.

Lamulo lanulo limagwira pa zinthu zomwe mwa chibadwa chawo sizisinthika, monga nambala kapena `String`. `static final int KULEMERA_KWA_THUMBA = 50;` ilibe vuto ngakhale pang'ono. Ngati mukufuna mndandanda wogawana womwe sungasinthidwe, mwachitsanzo mayina a mbewu zomwe amagula, `List.of("soya", "mtedza")` ndi imene imakana `add`, ndipo imeneyi inabwera ndi Java 9.

Bwana_Final
Ndayesa. Zoona, yadutsa. Lamulo langa ndilikonza koma sindilitaya.

wa_ku_Santhe
Ndachotsa `static` pa `matumba` ndipo ndachotsa `clear()`. Tsopano pulogalamu yonse yafiira, zolakwa 14. Ndabwerera m'mbuyo kodi?

Mai_Seva
Ayi, mwapita patsogolo. Malo 14 amenewo ndi onse omwe khodi yanu imanena kuti "matumba" osatchula mwini wake, ndipo kompayila yakulemberani mndandanda waulere. Ndikuganiza kuti mupeza mitundu iwiri. Woyamba ndi ntchito zam'kati mwa kalasi zomwe munaziikanso `static`, monga yophatikiza makilo. Zimenezo ingochotsani mawuwo. Wachiwiri ndi m'mawindo, momwe munalemba zonga `Lisiti.onjezera(kilo)` ndi dzina la kalasi. Apo windo lililonse liyenera kusunga lisiti lake:

```java
private Lisiti lisitiLanga;   // mu kalasi ya windo

lisitiLanga = new Lisiti(dzina);
lisitiLanga.onjezera(kilo);
```

Chenjerani kuti `lisitiLanga` ameneyu musamuikenso `static` pofuna kuthamangitsa mzere wofiira, chifukwa mukatero mwangosamutsa vutolo kuchoka pa mndandanda kupita pa lisiti lonse, ndipo ulendo uno ndi mayina omwe adzasokonekera.

Mukamaliza musayese ndi mlimi mmodzi, chifukwa vuto la mtundu uwu silioneka ndi obujekiti imodzi. Pangani malisiti awiri, muike thumba pa loyamba lokha, mufunse lachiwiri:

```java
Lisiti a = new Lisiti("A");
Lisiti b = new Lisiti("B");
a.onjezera(50.0);
System.out.println(b.matumba.size());
System.out.println(a.matumba == b.matumba);
```

Ziyenera kutuluka `0` ndi `false`. Pa khodi yakale zikanatuluka `1` ndi `true`.

Njoka_ya_Python
Zimenezi n'za anthu a Java. Ife ku Python kulibe mawu amenewo.

Mphunzitsi_wa_Fomu4
Kulibe mawuwo koma dzenje lilipo, ndipo kwanuko mulibe chikwangwani. Lembani `matumba = []` pansi pa dzina la kalasi, kunja kwa `__init__`, kenako muchite `self.matumba.append(50)` pa maobujekiti awiri. Mndandanda ndi umodzi, ngakhale mwalemba `self`.

Njoka_ya_Python
Ndapita kukayang'ana kanthu kena kanga, ndibwera.

wa_ku_Santhe
Zatheka, `0` ndi `false`. Ndabwerezanso za Lachiwiri ndi mawindo awiri, zatuluka 149 ndi 97. Koma ndatsala ndi `static` awiri mu kalasi yomweyo ndipo tsopano ndikuwaopa. Wina ndi `static int nambala` wowerengera malisiti, winayo ndi `static double mtengo` wa kilo imodzi. Ndichotse onse?

Chigayo_Dev
Awiriwo asiyeni. Imeneyo ndiye ntchito yeniyeni ya `static`. Mtengo ndi umodzi kwa alimi onse, uli ngati bolodi lomwe amalemba pakhomo. Nambala nayo iyenera kukhala yogawana, apo ayi lisiti lililonse lidzakhala nambala 1.

Nachisale_KU
Pa mtengo ndikutsutsani, ndipo ndili ndi chipsera. Ndinapangira gulu lina la alimi pulogalamu yofanana ndi imeneyi, mtengo ndinausunga malo amodzi ngati mmene mukunenera, ndipo ndalama ya pa lisiti imawerengedwa nthawi yosindikiza, makilo kuchulukitsa ndi mtengo. Tsiku lina mtengo unakwezedwa masana. Mlimi amene anagulitsa m'mawa anabwerera kuti lisiti lake lanyowa, amusindikizire lina. Linatuluka ndi ndalama yokwera kuposa yomwe analandira, ndipo anayamba kulonjerera yotsalayo, pepala lili m'manja. Ndani akanamutsutsa? Lipoti la madzulo nalonso linawerengera malisiti onse a m'mawa pa mtengo wa masana.

Mtengo wa lero ndi wa onse, inde. Koma mtengo umene mlimi uyu anagulitsira ndi wa lisiti lake. Ndi zinthu ziwiri zosiyana zomwe zangofanana dzina. Lisiti likamabadwa lizikopera mtengo wa pa bolodi n'kuusunga mwa ilo lokha, `private final double mtengoWanga`, ndipo kuyambira pamenepo lisayang'anenso pa bolodi.

Chigayo_Dev
Ndiye bolodilo likhalabe `static`, mwangoonjezera kukopera. Sitikutsutsana kwenikweni.

Nachisale_KU
Tikutsutsana pang'ono. Ine ndingakonde mtengowo uzilowa kudzera mu konsitirakita, `new Lisiti(dzina, mtengo)`, kuti kalasi ya lisiti isadziwe n'komwe za bolodi. Tsiku lomwe sikelo ina ikugula soya ina mtedza, mtengo umodzi wa kalasi yonse udzakuchitani zomwe anachita matumba.

wa_ku_Santhe
Zimenezo zichitika mwezi wamawa, mtedza ukayamba kubwera wambiri. Ndatenga ya konsitirakita.

Mai_Seva
Pa nambala, a Chigayo akunena zoona theka. Chowerengera chiyenera kukhala chimodzi, koma lisiti lililonse litenge nambala yake n'kuisunga, `nambalaYanga = ++nambala;`, osati kusindikiza `nambala` mwachindunji, apo ayi malisiti awiri otsegula adzaonetsa nambala imodzi. Theka linalo ndi ili: `static` amakhala m'chikumbumtima cha pulogalamu ikamayenda basi. Batire ya laputopu ikatha magetsi atathima, kapena kalaliki akangotseka n'kutsegulanso, chowerengera chimayambiranso pa ziro. Kodi m'mabuku anu mulibe malisiti awiri a nambala 1 a tsiku limodzi?

wa_ku_Santhe
Alipo. Ndimaganiza kuti kalaliki amasindikiza kawiri.

Mai_Seva
Ndiye nambala izichokera komwe mumasunga malisitiwo. Ngati ndi SQLite, `INTEGER PRIMARY KEY AUTOINCREMENT` ikupatsani nambala yomwe sibwerera m'mbuyo ngakhale laputopu izime. Ndipo dziwani kuti kugawana kwa `static` kumathera m'pulogalamu imodzi yomwe ikuyenda. Mukadzagula laputopu yachiwiri, kapena kungotsegula pulogalamuyo kawiri pa laputopu yomweyo, iliyonse idzakhala ndi chowerengera chake. Amagawana pomwe simukufuna, ndipo pomwe mukufuna kuti agawane sagawana.

Netiweki_Mkanda
Apa ndiye ndingalankhule. Malaputopu awiri, ikani databesi pa imodzi, inayo izilumikiza kudzera pa rauta. Sizifuna intaneti.

Nachisale_KU
Nanga amalume akatumiza laputopu ina kukagula ku Nkhamenya? Rauta yanuyo ifika? Ine ndimapatsa malo aliwonse chilembo chake kutsogolo kwa nambala, uku S uko N, aliyense aziwerenga zake, madzulo n'kuphatikiza.

Mai_Seva
Zimagwira, mpaka tsiku lomwe wina adzakopere pulogalamu pa fulashi pamodzi ndi chilembo chake n'kuika pa laputopu yachitatu.

Nachisale_KU
Limenelo ndi vuto la anthu, si la khodi.

Mai_Seva
Malisiti obwereza sadziwa kusiyanitsa.

Bwana_Final
Ine ndikuonabe kuti tikanangoletsa `static` yense wopanda `final` m'magulu athu ophunzitsa, theka la nkhani zoterezi sizikanabuka.

Mphunzitsi_wa_Fomu4
Nanga `main` mumuletsanso? Ndi `Math.round` yemwe akuzunguliza makilowo? Ntchito ya `static` yomwe imalandira nambala n'kubweza yankho osasunga kanthu ilibe vuto. Choopsa ndi chosungira chomwe chimasintha. Ana ndimawauza kuti asanalembe mawuwo adzifunse kuti pakakhala awiri, chinthuchi chikhale chimodzi kapena ziwiri. Koma kuletseratu ayi, adzakumana nazo m'khodi ya anthu ena osadziwa kuti n'chiyani.

Njoka_ya_Python
Ndabwera. Sindinena zambiri, koma ndasamutsira mizere itatu mu `__init__`.

wa_ku_Santhe
Ndawaonetsa amalume kope ndi malisiti awiri aja, ndawawerengera 47, 51 ndi 50 pamaso pawo. Mnyamata uja akhalabe pa ntchito. Bambo aja tiwapatsa ya kilo yawo imodzi akabweranso. Za mayi aja amalume akuti akalankhula nawo okha, ndi a mpingo umodzi. Chomwe chandidetsa nkhawa tsopano n'chakuti masikelo awiri tinayamba nawo masabata atatu apitawo, osati Lachiwiri. Usiku uno ndikufufuza m'databesi malisiti onse otsatizana omwe ali ndi makilo ofanana.

Mai_Seva
Ofanana okha sakukwanira. Ngati lisiti lina linasindikizidwa linzake lisanathe, makilo adzasiyana koma onse adzakhala olakwika. Tengani kope la mnyamata uja mufananize lisiti lililonse la masabata atatuwo, kuyambira tsiku lomwe sikelo yachiwiri inafika.

wa_ku_Santhe
Kopelo lili ndi masamba 60. Ndamuitana mnyamatayo adzandiwerengere, ndamulonjeza fanta ndi mandasi.